"Chimbudzi chomasuka": kapepala kolembedwera abwana, osati alamu anga

"Perekani mamililita 50 mpaka 100 a msakanizo pambuyo pa chimbudzi chilichonse chomasuka."

Werenganinso chiganizo chimenecho, mokweza ngati muli panokha. Mawu ake onse ndi a Chichewa, kupatula mililita amene tinabwereka. Koma ndiuzeni zoona, aise: munamvapo munthu wa pa Mdeka, wa pa Lirangwe, ngakhale wa ku Namiwawa komwe, akunena kuti mwana wake wachita chimbudzi chomasuka? Chimbudzi chimamasuka bwanji? Chinali chomangidwa ndi ndani?

Ine ndinaseka nditachiona koyamba. Ndinaleka kuseka nditakumbukira kumene ndinakatola kapepalako. Kanali pamkeka m'nyumba ya mchimwene wanga kwathu ku Mdeka, mu Januwale 2023, tsiku limene mwana wake wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri anali atagonekedwa m'chipatala, diripi ili pamkono.

Mukukumbukira nyengo ija. Kolera anayamba mu Malichi 2022, ndipo pa 5 Disembala Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti mliriwo wafika pa ngozi ya dziko lonse. Mu Januwale sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Pomwe mliri unkatha, anthu oposa 58,000 anali atadwala, oposa 1,700 atamwalira. Mabungwe ankagawa mapaketi a Thanzi, klorini ndi timapepala ta malangizo paliponse. Bungwe lina, limene sinditchula dzina chifukwa si lokhalo lochita zimenezi, linafika m'mudzi mwathu. Alamu anga analandira mapaketi atatu ndi kapepala kokongola, kosalala, kamitundu, kokhala ndi zizindikiro za mabungwe zondandalikidwa m'munsi ngati mendulo.

Mwana atayamba kutsegula m'mimba, alamu anachita zimene munthu wanzeru aliyense akanachita. Anatenga kapepala n'kuwerenga. Sukulu analekezera Sitandade 4, ndiye amawerenga ndithu, koma pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Pamene sanamve, anadzaza ndi nzeru zimene ali nazo kale. Kapepala kanatcha Thanzi "mankhwala obwezeretsa madzi", ndipo mankhwala a mwana tonse timawadziwa: kasupuni kamodzi m'mawa, masana ndi madzulo. Kanati "lita imodzi", ndipo m'nyumbamo mulibe chinthu cholembedwa lita. Anathira theka la paketi m'kapu ya tiyi, theka linalo n'kusunga, poti zinthu zaulere sizibwera kawiri. Phala analeka kumupatsa kuti m'mimba mupume. Tsiku lachiwiri, poona kuti kutsegulako sikukuleka, anaganiza kuti mankhwalawa sakugwira. Lachitatu maso a mwana analowa, liwombo linalowa, kulira kopanda misozi. Anamuthamangitsa pa kabaza. Anachira, tithokoze Mulungu ndi anamwino amene anamulandira. Kanali kutsegula m'mimba wamba, sanali kolera.

Ndinamva anthu ena, ophunzira ndithu, akunena kuti vuto ndi umbuli wa amayi akumudzi. Pamenepo ndiye panandipsetsa mtima mpaka kulemba izi. Mayi amene walandira malangizo, wawasunga posanyowa, wawawerenga usiku ndi tochi ya foni, n'kuchita zimene wamva, ameneyo si mbuli. Wachita mbali yake yonse. Amene sanachite mbali yake ndi kapepala. Ndipo mfundo yanga ndi imodzi basi: kapepala ka zaumoyo sikayesedwa poona ngati kakufanana ndi Chingelezi chimene kanachokerako. Kamayesedwa poona zimene manja a wowerenga achita akatha kuwerenga. Ngati manja athira theka la paketi m'kapu, kapepalako kalephera, ngakhale mawu ake onse atapezeka mu Mtanthauziramawu.

Kuti timvetsane, tione mmene timapepala totere timabadwira. Wina amalemba m'Chingelezi, nthawi zambiri potengera malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse, amene analembedwera madokotala ndi anamwino. Akatero amatumiza kwa womasulira, n'kumuuza kuti asawonjezere kanthu, asachotse kanthu, ndipo abweze Lachisanu. Kenako, pofuna kutsimikiza kuti ntchito yayenda bwino, amapereka Chichewacho kwa munthu wina kuti achibwezere m'Chingelezi. Chingelezi chachiwirichi chikafanana ndi choyamba chija, abwana amasaina, makina amadinda.

Mwaona pamene pali msampha? Chichewa chimene chimabwerera bwino m'Chingelezi ndi chija chimene sichinachokeko n'komwe ku Chingelezi. "Chimbudzi chomasuka" chimakhoza mayeso amenewa ndi malikisi onse. "Akapambuka zamadzimadzi", mmene anganenere mayi aliyense, kumaoneka ngati womasulira wasochera. Choncho sindikunyoza omasulira. Ambiri a iwo Chichewa amachidziwa kuposa ine, ndipo kunyumba kwawo salankhula chonchi. Anangozindikira amene akuwalipira ndi amene adzawerenge ntchito yawo asanalipidwe. Pa ulendo wonse wa kapepala, kuchoka pa kompyuta mpaka kukafika pamkeka wa alamu anga, palibe pamene munthu wa Sitandade 4 anafunsidwa kuti, "Mwamva chiyani apa?"

Mwana atatuluka m'chipatala, ndinakhala pansi ndi kapepala kaja, cholembera ndi kope. Ndikuuzani zimene ndinapeza mzere ndi mzere, chifukwa kukalipa kopanda chitsanzo n'kwaulere.

Kapepala kanayamba ndi ndime yofotokoza kuti matenda otsegula m'mimba ndi "chimodzi mwa zifukwa zotsogola za imfa pakati pa ana osaposa zaka zisanu m'maiko amene akukwera kumene". Zoona zake, koma ndani akuzifuna pa ola limenelo? Mayi amene mwana wake wanyowetsa thewera lachinayi sakufuna kudziwa za maiko. Munthu wowerenga movutika ali ndi mphamvu zochepa zowerengera, ngati batire ya foni yotsala pang'ono, ndipo ndime yoyambayo inamudyera theka la batire. Ndinaifufuta yonse. Pamwamba ndinaikapo chinthu choyamba chimene ayenera kuchita, ndi chinthu chimodzi chimene kapepala kaja sikananene paliponse: kuti Thanzi satseka m'mimba. Ntchito yake ndi kubwezera madzi ndi mchere zimene mwana akutaya, kuti thupi lisaume pamene matendawo akutha. Dokotala wolemba Chingelezi uja sanazilembe chifukwa kwa iye n'zodziwikiratu. Kwa alamu anga sizinali zodziwikiratu, ndipo kusowa kwa chiganizo chimodzi chimenecho ndi kumene kunawachititsa kutaya mtima tsiku lachiwiri. Womasulira wouzidwa kuti asawonjezere kanthu sakanachiika. Ndinachotsanso liwu loti "mankhwala" pa Thanzi. Ndinangoti amwe, monga timanenera za madzi kapena thobwa.

Mzere wachiwiri unati, "Sungunulani zam'kati mwa paketi mu lita imodzi ya madzi otetezeka." Apa ndi pamene pali moyo ndi imfa, ndipo apa ndi pamene kapepala kanali kaulesi kwambiri. Paketi imene alamu analandira ndi yopimidwira lita imodzi. Madzi akachepa, mchere ndi shuga zimachuluka, ndipo m'malo moti madzi alowe m'thupi la mwana, amakokedwa kuchoka m'thupi kupita m'matumbo. Kutsegula kumawonjezeka, mchere umakwera m'magazi. Theka la paketi limafuna theka la lita, koma kapu ya tiyi imalowa pafupifupi kota ya lita, ndiye kuti zimene alamu anapanga zinali zowawa mchere kawiri kuposa muyezo. Mwayi wake unali woti ankamupatsa pang'ono. Komanso kugawa paketi ndi maso sikudalirika, chifukwa sungadziwe ngati theka wathiralo ndi theka lenileni.

Tsono lita uinena bwanji kwa munthu wopanda jagi ya manambala? Poyamba ndinalemba kuti mabotolo atatu a Fanta, monga ndinkamvera ndili mwana. Nditakaonetsa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, botolo lagalasi lija ndi 300. Atatu ndi 900, si lita. Komanso masiku ano pali tapulasitiki tosiyanasiyana, mwana mukamutuma botolo la Fanta abweretsa liti?" Anali kunena zoona. Tinagwirizana pa botolo la madzi ogula lija la theka la lita, limene limapezeka paliponse pamene minibasi imaima, ndipo lili ndi nambala 500 pachikuto. Ngakhale wosadziwa kuwerenga mawu amaidziwa 500, chifukwa ili pa ndalama. Kulidzaza kawiri, ndiye lita yakwana.

"Madzi otetezeka" nawonso ndi mawu a mu ofesi. Kwa ambiri kwathu madzi a pamjigo ndi otetezeka, ngakhale atakhala masiku awiri mu ndowa yosavundikira imene aliyense amamizamo kapu. Ndinalemba chimene mawuwo akutanthauza: madzi owiritsa amene azizira, kapena othira klorini.

Kenako mzere wathu wotchuka uja wa mamililita 50 mpaka 100. Muyezo umenewu ndi wa mwana wosakwana zaka ziwiri, ndipo wa zaka 2 mpaka 10 amamwa 100 mpaka 200 nthawi iliyonse akapambuka. Apa ndinaphunzira chinthu chimene omasulira liwu ndi liwu sapatsidwa mpata wochiganizira: manambala a pakapepala si ofanana kulemera. Lita ya posungunula ndi lamulo, siisintha. Koma mamililita a pomwetsa ndi poyambira chabe, ndipo mwana akafuna kumwa zambiri umamupatsa. Kapepala kaja kanalemba manambala onsewa ndi nkhope imodzi, moti wowerenga sakanadziwa poti aope ndi poti amasuke. Ine ndinaumitsa pa lita, n'kufewetsa pa kapu: kota mpaka theka la kapu ya tiyi kwa wamng'ono, theka mpaka yodzaza kwa wamkulupo, ndipo akafuna wina muwonjezereni.

"Tayani msakanizo wosagwiritsidwa ntchito pakatha maola 24." Kwathu anthu sawerenga maola mpaka 24, koma aliyense amadziwa "mawa nthawi ngati yomweyi". Ndinaikanso chifukwa chake, mawu awiri okha, kuti umalowa tizilombo. Munthu wosauka sataya chinthu popanda chifukwa, ndipo ali ndi ufulu wochimva.

Pomaliza panali zizindikiro zoopsa, zolembedwa timalemba ting'onoting'ono kuseri kwa pepala: "kufooka kwa chidziwitso", "kuchepa kwa kutanuka kwa khungu", "kulowa kwa malo ofewa a pamutu". Abale anga, malo ofewa a pamutu pa khanda ali ndi dzina, ndipo gogo aliyense m'Malawi muno amalidziwa. Ndi liwombo. Ndipo kulitchula dzina si nkhani ya kukoma kwa chinenero. Kwathu liwombo likalowa, ambiri amaliona ngati nthenda payokha, yofuna mankhwala opaka pamutu, ndipo tsiku limatha akufunafuna wodziwa zitsamba. Kapepala kakati "malo ofewa", mayi salumikiza zimene akuwerenga ndi zimene apongozi ake akunena pakhonde. Kakati "liwombo likalowa, ndiye kuti madzi atha m'thupi, thamangani kuchipatala", kalowa m'kati mwa mkangano umene ukuchitikadi m'nyumbamo.

Zimene zinatuluka pomaliza ndi izi, pa tsamba limodzi, m'malemba akuluakulu:

MWANA AKATSEGULA M'MIMBA

Yambani kumumwetsa Thanzi lero lomwe. Thanzi satseka m'mimba. Amabwezera madzi amene mwana akutaya.

Sambani m'manja ndi sopo. Tengani botolo la madzi lolembedwa 500. Litsukeni. Lidzazeni kawiri ndi madzi owiritsa amene azizira, kapena othira klorini. Thirani madziwo m'jagi yoyera. Thiranimo paketi yonse. Yonse, osagawa. Takasani. Vundikirani.

Mumwetseni nthawi iliyonse akapambuka. Wosakwana zaka ziwiri: kota mpaka theka la kapu ya tiyi, ndi supuni, pang'onopang'ono. Wa zaka 2 mpaka 10: theka la kapu mpaka yodzaza. Akafuna wina, mpatseni. Akasanza, dikirani mphindi 10, yambiraninso pang'onopang'ono.

Pitirizani kuyamwitsa. Pitirizani kumupatsa phala.

Wotsala mutaye mawa nthawi ngati yomweyi. Umalowa tizilombo. Sungunulani paketi ina.

Kafunseni mapilitsi a zinki kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo. Amwe tsiku lililonse mpaka masiku amene akuuzani akwane, ngakhale achire.

THAMANGANI KUCHIPATALA mukaona chimodzi mwa izi: maso alowa, liwombo lalowa, akukana kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, wafooka kapena akungogona, thupi latentha, m'chimbudzi muli magazi, chimbudzi chili ngati madzi otsukira mpunga. Muzimumwetsa m'njira. Pitaninso ngati patha masiku atatu osasintha.

Musaganize kuti zinatuluka chonchi ulendo woyamba. Ndinali nditanyada nacho cholemba changa choyamba, mpaka pamene ndinachiyesa. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinapempha amayi asanu, mmodzimmodzi, kuseri kwa nyumba ya azakhali. Pamphasa ndinaika paketi, ndowa ya madzi, makapu atatu osiyana, mabotolo anayi osiyana, jagi ndi supuni. Sindinafunse kuti "Mwamva?" Funso limenelo kwathu lili ndi yankho limodzi, chifukwa palibe mayi angauze mwana wa eni ake wochokera m'tauni kuti walemba zosamveka. Ndinangoti, "Mayi, tiyerekeze kuti mwana wadwala. Tawerengani, muchite zimene pepalalo likunena." Kenako ndinatseka pakamwa, chinthu chovuta kwambiri kwa munthu wolemba.

Awiri mwa asanuwo sanathe kuwerenga okha, ndipo anaitana ana a sukulu kuti awawerengere. Apo ndi pamene ndinaona kuti kapepala kakumudzi kamalowera m'khutu kuposa m'maso. Ndinali nditalemba kuti "Musaleke kuyamwitsa." Kamtsikana ka Sitandade 3 kanawerenga modukizadukiza: "Mu... sa... leke... leke kuyamwitsa." Agogo akewo anagwedeza mutu, n'kuti, "Eya, aleke kaye, m'mimba mupume." Ka "sa" kamodzi kameneko kanamezedwa, ndipo langizo linatembenuka chadodolido n'kugwirizana ndi zimene agogowo ankakhulupirira kale. Ndinasintha n'kukhala "Pitirizani kuyamwitsa." Chiyambire tsiku limenelo, langizo lililonse lofunika ndimaliyamba ndi chochita, osati choletsa. N'chifukwa chake mwaona "paketi yonse" ili patsogolo, "osagawa" n'kumatsatira.

Ndinali nditalembanso kuti "mpatseni madzi ambiri", ndipo mayi wina anamva kuti akhoza kusiya Thanzi n'kumupatsa madzi a mu ndowa. Ndinachotsa. Wina anathira paketi m'botolo limodzi la 500 chifukwa ndinali nditaika "kawiri" kumapeto kwa chiganizo chachitali, iye atayamba kale kuthira. Ndinadula chiganizocho n'kuika jagi pakati, kuti madzi onse akhale atakwana paketi isanang'ambidwe. Ulendo wachiwiri, ndi amayi ena asanu, onse anasungunula molondola. Anthu khumi si kafukufuku, ndikudziwa. Koma ndi anthu khumi kuposa amene anafunsidwa kapepala koyamba kaja kasanadindidwe, ndipo zonsezi zinandidyera masana awiri ndi mapaketi ochepa.

Tsopano ndiyankhe amene akutsutsa, chifukwa alipo, ndipo ena ali ndi mfundo.

Mnzanga wina wogwira ntchito za chipatala anati kufewetsa n'koopsa. Lero wachotsa mililita, mawa wina achotsa muyezo wa mankhwala enieni, mwana n'kufa. Ndikuvomereza theka la zimenezi ndi mtima wonse. Munthu wolemba ngati ine alibe ufulu wosintha malangizo a chipatala. Ndinalakwitsa pa mabotolo a Fanta, ndipo anandigwira ndi munthu wa zaumoyo. Pa zinki sindinalembe n'komwe muyezo, chifukwa umasiyana: khanda losakwana miyezi 6 limamwa theka la pilitsi, wamkulupo lathunthu, kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo zimenezo aziuzidwa ndi amene akupereka mapilitsiwo. Tsamba lomalizalo silinapite kwa munthu aliyense namwino asanaliwerenge. Koma theka linalo ndikukana. Kapepala koyamba kaja kanali kolondola pa nambala iliyonse, ndipo kanabala msakanizo wowawa mchere kawiri, womwetsedwa ndi kasupuni katatu pa tsiku. Kulondola kumene kwatsalira papepala sikunapulumutsepo mwana. Kumangoteteza amene anasaina.

Wina anati kulembera anthu tiziganizo tifupitifupi n'kuwanyoza, ngati kuti ndi ana. Amene amanena izi nthawi zambiri sanaimepo pafupi ndi munthu wamkulu akulimbana ndi liwu loti "zosagwiritsidwa" pamaso pa mdzukulu wake. Chonyoza n'chiti: kuuza mayi momveka zoti achite, kapena kumupatsa pepala losamveka n'kudzamutcha mbuli mwana akafooka? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi 69 ndi amene amatha kuwerenga ndi kulemba. M'gulu la 69 limenelo muli profesa wa ku Zomba, mulinso alamu anga. Tsamba lomveka profesa saluza nalo kanthu. Iyenso mwana wake akadwala pakati pa usiku safuna ndime ya maiko amene akukwera kumene.

Palinso a chinenero, oti "jagi", "supuni" ndi "paketi" si Chichewa chenicheni. Ine Chichewa ndimachikonda, n'chifukwa chake ndimalemba pano m'malo molemba Chingelezi chimene chingandipatse owerenga ambiri. Koma chinenero chimene chikuwonongeka si chija chobwereka supuni. Ndi chija chovala mawu athu pamafupa a Chingelezi: "osamalira mwana akulimbikitsidwa kupitiriza kudyetsa", "funani chisamaliro cha zachipatala". Mulibe liwu lachilendo ngakhale limodzi mmenemo, komanso mulibe Mmalawi. Akulimbikitsidwa ndi yani? Kudyetsa ndani, nkhumba? Chichewa cha pakhomo chimaloza munthu n'kumuuza kuti mpatseni phala, pitani kuchipatala.

Ndipo tisamachite ngati izi n'zatsopano. Ku Bangladesh, kuyambira 1980, bungwe la BRAC linatumiza amayi khomo ndi khomo kukaphunzitsa kasungunulidwe ka madzi a mchere ndi shuga, ndipo m'zaka khumi linafika m'makomo pafupifupi 12 miliyoni. Sananene za magalamu. Anati mchere wotsina ndi zala zitatu, shuga wawo wa nzimbe wodzaza dzanja, m'madzi okwana theka la lita. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi kalipiridwe kake. Patapita nthawi kunkabwera anthu ena kudzafunsa mayi wophunzitsidwayo mafunso ndi kumuuza kuti asungunule iwo akuona, ndipo malipiro a mphunzitsi ankadalira zimene mayiyo wakhoza. Tayerekezani bungwe la kuno likulipidwa osati pa timapepala timene lagawa, koma pa malita amene asungunulidwa bwino.

Pafupi pompano, ku Katete m'dziko la Zambia, kwa Achewa anzathu, komanso ku Kalomo, bungwe la ColaLife linayesa mu 2012 ndi 2013 phukusi lotchedwa Kit Yamoyo. Atafunsa amayi, anapeza vuto lomwelo la alamu anga: lita mulibe choyezera m'nyumba, ndipo ndi yambiri kwa mwana mmodzi pa tsiku, moti yotsala imatayidwa. Iwo sanalimbane ndi mawu okha. Anachepetsa paketi kuti ikhale ya mamililita 200, ndipo chotengera cha phukusilo chinakhalanso choyezera madzi, chokhala ndi mzere wake. Apa pali malire a ntchito yanga, ndipo ndiwavomereze. Pali zina zimene chiganizo chabwino sichingakonze. Sichingafupikitse mtunda wa kuchipatala, sichingalipire kabaza, sichingaike zinki pashelefu pamene palibe, ndipo sichilowa m'malo mwa mlangizi wosungunula paketi anthu akuona. Koma mwa mavuto onsewa, la mawu ndi lotchipa kwambiri kulithetsa. N'chifukwa chake kulisiya kulibe chowiringula.

Ndiye kwa inu a mabungwe, pempho langa ndi laling'ono. Lekani kuuza womasulira kuti asawonjezere kanthu. Muuzeni amene adzawerenge, mumupatse namwino woti azimufunsa, mumulole kugwetsa Chingelezicho n'kumanganso kuyambira pansi. Ndipo musanadinde timapepala zikwizikwi, kwerani minibasi ya ku Zalewa, mutsike pa Lirangwe kapena pa Mdeka ndi ndowa, paketi ndi mabotolo, mupatse anthu asanu pepala lanu, mukhale chete, muyang'ane manja awo. Mtengo wake sufika pa chakudya cha masana cha msonkhano umodzi wa ku hotela.

Kwa inu anzanga owerenga pa foni, inu ndi amene mumatumiziridwa chithunzi cha pepala la kuchipatala pa WhatsApp, ndi mawu oti "tatiuzeni, akuti chiyani apa?" Mukamayankha, musangowerenga mawuwo mokweza. Nenani zoti achite, chimodzichimodzi, ndi ziwiya zimene zili m'nyumbamo. Pa nambala ya mankhwala musaganizire, funsani wachipatala, paja safunsa anadya phula. Mukatha musati "Mwamva?" Nenani kuti, "Tandiuzeni mmene muchitire."

Tsamba lija alamu anga analimata kukhoma, pafupi ndi kalendala ya tchalitchi. Mvula yapitayi mwana wa oyandikana nawo atadwala, ndi iwo amene anapita ndi botolo lawo la 500 kukasungunula. Nditapita kumudzi anandiuza kuti pali pena pamene ndinalakwitsabe. "Alamu, mwalemba jagi. Ndi angati ali ndi jagi kuno? Mukanati kapoto koyera kovundikira." Ndasintha.